Ndikupita ku tchuthi cha miyezi itatu, yankho la pa imelo ndililembe bwanji kuti mainvoisi asagone m'bokosi langa?

Nachisale:
Muli bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ya mu ofesi ndipo masiku andithera. Ndimagwira ku akaunti pa bungwe lina kuno ku Lilongwe, timagwira ntchito ndi makopaletivu a alimi. Lachisanu pa 29 Ogasiti ndi tsiku langa lomaliza, ndikupita ku tchuthi cha uchembere, ndidzabwerera Lolemba pa 1 Disembala. Masapulaya athu pafupifupi onse amatumiza mainvoisi pa imelo yanga, poti ndi yomwe anaizolowera zaka zinayi zonsezi. Wondigwirizira ndi mnzanga wa mu ofesi momwemu, Tadala. Timagwiritsa ntchito Outlook ya Microsoft 365.

Yankho lodzitumiza lokha lija ndalemba chonchi, ndipo la Chingerezi lidzakhala pansi pake:

> Zikomo chifukwa cha uthenga wanu. Ndili pa tchuthi cha uchembere kuyambira 1/9 mpaka 1/12. Ndidzakuyankhani ndikabwera. Ngati ndi zachangu lankhulani ndi Tadala kapena ndiimbireni pa nambala yanga.

Kodi zikukwanira? Mantha anga ndi oti munthu atumize invoisi, ikhale m'bokosi langa mpaka Disembala, iye n'kumadikira ndalama.

Anaphiri a ku Zomba:
Mwana wanga, choyamba Mulungu akutsogolereni, mukachire bwino. Ine ndakhala pa desiki ya usekeletale zaka zoposa makumi awiri, ndiye ndikuuzeni mosabisa: uthengawu ndi wa munthu amene wapita ku maliro masiku atatu, osati wa miyezi itatu.

Mawu oti "ndidzakuyankhani ndikabwera" afufuteni. Limenelo ndi lonjezo, ndipo munthu akaliwerenga amakhala pansi n'kumadikira. Inu pa 1 Disembala mudzapeza maimelo mazanamazana, simudzayankha onse. Muuzeni munthuyo chilungamo: imelo yake palibe amene akuiwerenga, aitumizenso kwina.

Kenako mwati "lankhulani ndi Tadala". Alankhula naye bwanji? Mulibe adiresi, mulibe foni, simunanene kuti Tadalayo ndi ndani. Amene ali ku Mchinji sadziwa kuti mu ofesi mwanu muli Tadala. Ndiponso mwamuika pansi pa mawu oti "ngati ndi zachangu". Wosapulaya waulemu adzaganiza kuti invoisi yake si yachangu, sadzafuna kuvutitsa. Tadala akugwirizira ntchito yonse, osati zachangu zokha.

Nambala yanu ichotsenimo. Mukaiikamo ndiye kuti tchuthi mulibe, adzakuimbirani muli ku sikelo.

Mukakonza zimenezi basi mwatha, chifukwa nthawi iliyonse munthu akakulemberani yankholo lizimukumbutsa.

Kondwani BT:
Asisi, n'zophweka. Pitani pa Settings, See all settings, General, mutsike pansi mpaka pa Vacation responder, muike First day ndi Last day. Imatumiza yokha, ndipo munthu yemweyo akalembanso pakapita masiku anayi imamutumiziranso.

Nachisale:
Achimwene, zimenezo ndi za Gmail. Ife tili pa Outlook. Pomwe podina ndikupadziwa, pa File kenako Automatic Replies. Chomwe ndikufuna ndi choti mainvoisi asatayike.

Amayi a ku Zomba zikomo, nambala ndachotsa kale.

Bambo Mbewe:
Zomwe anena amayi Anaphiri pa kalembedwe ndikugwirizana nazo zonse, kupatula mzere womaliza. Pamenepo mpomwe pagona vuto lonse la tchuthi chachitali, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwinobwino. Ine ndimasamala maimelo a anthu pafupifupi makumi asanu ndi limodzi kuntchito kwathu, pa Microsoft 365 yomweyo.

Automatic Replies ya Outlook siyankha imelo iliyonse. Imayankha munthu aliyense kamodzi kokha kuchokera pomwe mwaiyatsa. Seva imasunga mndandanda wa omwe yawayankha kale, ndipo munthu yemweyo akalembanso, kaya mawa, kaya pakatha miyezi iwiri, imakhala chete. Anaipanga dala chonchi kuti isamatopetse anthu ndiponso kuti maseva awiri asamangoyankhana. Pa tchuthi cha sabata imodzi palibe chovuta, munthu amakumbukira. Pa miyezi itatu ndi nkhani ina.

Tiyerekeze ndi sapulaya wanu wa mbewu. Pa 2 Seputembala wakulemberani kufunsa za kotesheni. Yankho lamufika, waliwerenga pa foni ali mu minibasi, wamulembera Tadala, nkhani yatha. Pa 20 Okutobala watumiza invoisi. Walemba zilembo zitatu zoyamba za dzina lanu, adiresi yanu yatulukira yokha monga mwa nthawi zonse, wadina Send. Palibe yankho lomwe limubwerere. Kwa iye chete ameneyo akutanthauza kuti invoisi yafika, mwina mwabwerera kale. Adzadikira masiku makumi atatu monga mwa pangano, ndipo adzayamba kuimba foni chakumapeto kwa Novembala. Zomwe mukuopazo zimachitika chonchi, ngakhale uthenga utalembedwa bwino chotani.

A mkati mwa bungwe alibe vuto kwenikweni, chifukwa akangolemba dzina lanu Outlook imawaonetsa kachidziwitso pamwamba kuti mwayatsa yankho, asanatumize n'komwe. Akunja saona kanthu.

Ndiye uthengawo ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi loti pakhale munthu woona zomwe zikugwa m'bokosi lanu.

Za Gmail zomwe wanena Kondwani ndi zoona kwa amene ali pa Gmail, imabwereza pakapita masiku anayi. Koma si zomwe muli nazo inu.

Anaphiri a ku Zomba:
Bambo Mbewe, izi sindimazidziwa. Kwathu kuno ine ndikayatsa, mnzanga wina amandiuza kuti yankho langa limamufika tsiku lililonse akandilembera.

Bambo Mbewe:
Ndiye kuti imelo yanu amayi si ya Microsoft 365, ngakhale mukuitsegulira mu Outlook. Maofesi ambiri kuno imelo yawo ili kwa omwe amawasungira webusaiti, pa cPanel. Kumeneko kuli Autoresponders, ndipo pali malo olembedwa Interval pomwe mumaika maola oti adutse isanamuyankhenso munthu yemweyo. Akaika 24, ndiye tsiku lililonse. Njira yodziwira ndi yosavuta: mu Outlook dinani File. Ngati batani la Automatic Replies palibe, imelo yanu ndi ya POP kapena IMAP, yankho muziyatsira ku cPanel. Nachisale batanilo ali nalo, choncho ali pa lamulo la kamodzi lija.

Kondwani BT:
Ndamva tsopano, pepani ndinathamanga. Koma njira ilipo. Musagwiritse Automatic Replies, pangani rule mu Outlook, musankhe "have server reply using a specific message". Imeneyo imayankha imelo iliyonse, ngakhale munthu alembe kakhumi. Vuto la kamodzi latha.

Bambo Mbewe:
Imayankhadi iliyonse, ndipo n'chifukwa chake sindiilola kuntchito kwathu. Taganiza Kondwani, bokosi la munthu wa ku akaunti limalandira zotani. Masitetimenti a banki, zidziwitso za MRA, mauthenga a makina a makampani omwe amayankha okha kuti "talandira uthenga wanu". Makina otere akalandira yankho lako amakuyankhanso, rule yako n'kuwayankhanso, n'kumangopitirira. Maseva ena amazindikira n'kudula, ena ayi. Pamene mwini bokosi ali kunyumba ndi khanda palibe woona kuti zayamba. Ndinaonapo bokosi litadzaza ndi maimelo masauzande pa Loweruka ndi Lamlungu lokha.

Ngati tikufuna kuti anthu akumbutsidwe, pali njira yofatsa. Mukazimitsa Automatic Replies n'kuyatsanso, mndandanda uja umafufutika, aliyense amalandiranso yankho kamodzi. Wa makompyuta wanu angachite zimenezi pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse osatsegula bokosi lanu:

```
Set-MailboxAutoReplyConfiguration -Identity nachisale@example.org -AutoReplyState Disabled
Set-MailboxAutoReplyConfiguration -Identity nachisale@example.org -AutoReplyState Enabled
```

Adikire mphindi zingapo pakati pa mizere iwiriyo. Pa 1 Okutobala ndi pa 1 Novembala basi, kawiri kokha. Poti mainvoisi ambiri amabwera mwezi ndi mwezi, sapulaya aliyense adzakumbutsidwa pa imelo yake yoyamba ya mweziwo. Sizithetsa zonse, koma dzenje limachepa.

Che Jafali:
Ine ndili mbali inayo, ndimasapulaya. Ndimagulitsa mapepala ndi inki ya mapulinta kuno ku Mangochi, ndinalowa m'gulu lino chifukwa zolembalemba za bizinesi yanga ndimapanga ndekha. Chaka chatha zinandichitikira ndendende. Mayi amene ndinkachita naye pa ofesi ina anapita ku tchuthi. Yankho lake linati ndilembere bambo wina. Ndinamulembera bamboyo, ndipo nayenso yankho lake linabwera lokha: ali ku tchuthi, ndilembere mayi uja. Awiriwo ankangolozerana. Ndinaimba pa foni ya ofesi, wa pa risepushoni anati onse kulibe, ndiyesenso sabata ya mawa. Ndalama yanga ya katundu amene ndinapereka mu Juni ndinailandira mu Seputembala, ndipo katunduyo ndinali nditamutenga pa ngongole ku Limbe.

Ndiye achemwali, mufunseni Tadalayo ngati nayenso sachoka m'miyezi itatuyi. Ndipo muike munthu wachiwiri. Ife sitifuna zambiri, tikufuna kudziwa kotumiza ndi woimbira ngati kotumizako kuli zii.

Nachisale:
Che Jafali mwandikumbutsa chinthu chachikulu. Ndangomufunsa Tadala pompano. Ali ndi tchuthi cha masabata awiri mu Okutobala, kuyambira pa 13, anachipempha kalekale ndipo abwana anasainira. Palibe amene anaziphatikiza ndi changachi. Ndiye m'masabata amenewo uthenga wanga ukanamalozera anthu kwa munthu amene kulibe.

Bambo Mbewe, ndiye nditani? Ndingomupatsa Tadala pasiwedi yanga kuti azitsegula? Kapena ndifowade zonse kwa iye?

Mayi Nyirenda:
Pasiwedi ayi, chonde. Ine ndili ku ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo milandu yotere imathera pa desiki yanga. Chilichonse chomwe chituluke m'bokosi lanu m'miyezi imeneyo chidzaoneka ngati mwatumiza ndinu. Kukadzapezeka kuti ndalama inalipiridwa molakwika ndipo chilolezo chinachokera pa imelo yanu, a odita adzafunsa inu, ndipo simudzakhala ndi umboni woti simunali inu. Tadala angakhale munthu wabwino kwambiri, nkhani si imeneyo.

Kufowada zonse nakonso ndili nako ndi mantha. M'bokosi lanu mumabwera peyisilipi yanu, za sikimu ya chipatala, makalata ochokera kwa ife, mwina ndi zokambirana za malipiro a anthu ena poti muli ku akaunti. Zonsezo zizigwera kwa mnzanu?

Ndipo mawu oti "tchuthi cha uchembere" achotseni mu uthenga wa akunja. Lamulo la ntchito la dziko lino, la 2000 lija, limakupatsani tchuthicho, masabata osachepera asanu ndi atatu ndi malipiro onse, ndipo inu bungwe lanu lakupatsani miyezi itatu, ndi ufulu wanu. Koma simukakamizidwa kulengeza chifukwa chake kwa aliyense amene wakulemberani. Ngakhale kumudzi nkhani ya pakati sitiimba ng'oma. "Sindili mu ofesi mpaka tsiku lakuti" n'zokwanira.

Bambo Mbewe:
Pa pasiwedi amayi Nyirenda anena zonse. Ndiwonjezere chabe kuti sizigwiranso ntchito: akaunti yanu ikafunsa kachinambala kotsimikizira, kadzabwera pa foni yanu, ndiye Tadala azikuimbiranibe.

Njira yomwe ndingasankhe ine ndi iyi. Bungwe lanu likhale ndi bokosi la dipatimenti, lomwe pa Microsoft 365 limatchedwa shared mailbox, tinene accounts@example.org. Sililipiridwa laisensi malinga lisapitirire 50 GB, ndipo wa makompyuta amalipanga mphindi zochepa. Alitsegulire Tadala ndi mkulu wanu wa zachuma, aliyense azilowa ndi akaunti yake. Uthenga wanu uzilozera anthu ku bokosi limenelo, dzina la Tadala likhalepo kuti munthu adziwe amene akulankhula naye. Tadala akachoka mu Okutobala adiresi sisintha, amene watsala ndi amene akutsegula. Vuto la Che Jafali lija silingachitike.

Ndipo musadikire yankho lodzitumiza lokha kuti ndilo liwauze masapulaya. Sabata ino, mudakali pa mpando, alembereni nokha onse amene mumachita nawo mwezi ndi mwezi, kuwauza kuti kuyambira pa 1 Seputembala mainvoisi azipita ku adiresi yatsopano. Akuluakuluwo muwaimbirenso. Uthenga wochokera kwa inu mwini amaukhulupirira, ndipo ambiri adzasintha. Yankho lija litsalire omwe aiwala ndi omwe simunawaganizire.

Otsalawo ndi amene akutivutitsa. Pali njira ziwiri. Yoyamba, kufowada zonse kupita ku bokosi la dipatimenti:

```
Set-Mailbox -Identity nachisale@example.org -ForwardingAddress accounts@example.org -DeliverToMailboxAndForward $true
```

Chidutswa chomalizacho musachisiye. Chikapanda kukhala `$true`, imelo imangodutsa osagwa m'bokosi lanu, ndiye yankho lanu silituluka, ndiponso inu simudzapeza kalikonse pobwera. Koma njirayi ili ndi vuto lomwe anena amayi Nyirenda, zanu zonse ziwonekera.

Yachiwiri, pa windo lomwelo la Automatic Replies pali batani la Rules. Pamenepo mungaike kuti maimelo ochokera kwa anthu akutiakuti, kapena okhala ndi mawu akutiakuti pa mutu, azifowadidwa pa nthawi yomwe yankho layatsidwa. Mungaikepo maadiresi a masapulaya anu. Peyisilipi yanu sikhudzidwa. Kuipa kwake, sapulaya akalemba pa adiresi ina, monga mmene ambiri amachitira, lero ya kampani mawa ya Gmail ya mwana wawo, imeneyo idutsa osagwidwa.

Chinthu chimodzi chokha musayese: kufowada ku Gmail ya Tadala kuti aziona pa foni. Microsoft 365 imatseka kufowada kopita kunja pokhapokha woyang'anira atatsegula, ndipo imelo imabwerera ndi `550 5.7.520`. Ngakhale zikanatheka, mainvoisi a bungwe sayenera kukhala mu imelo ya munthu payekha.

Mayi Nyirenda:
Ine ndingasankhe yachiwiriyo. Invoisi imodzi ikaphonyeka, sapulaya adzaimba foni, ikonzedwa. Koma kalata ya dokotala ikawerengedwa ndi wolakwika siibwezeka.

Che Jafali:
Amayi, mukuti "adzaimba foni, ikonzedwa" chifukwa malipiro anu amabwera pa 25 mwezi uliwonse. Kwa ine invoisi imodziyo ndi lendi ya shopu. Imelo ya ntchito ndi ya ntchito. Za kuchipatala munthu aziika pa imelo yake.

Mayi Nyirenda:
Ndakumvani Che Jafali, ndipo sindikupeputsa. Koma sikimu ya chipatala imalembetsedwa ndi ofesi pa imelo ya ntchito, wogwira ntchito sasankha. Si kuti Nachisale anachita kusasamala.

Anaphiri a ku Zomba:
Za mafowadi ndasiyira eni ake. Ine ndibwerere ku uthenga, poti sitinaumalize. Madeti aja 1/9 ndi 1/12 alembeni m'mawu. Mabungwe ngati lanu amalandira thandizo kuchokera kunja, ndipo wa ku Amereka akaona 1/12 awerenga kuti 12 Januwale. Ikaninso dzina la tsiku. Ndipo nenani tsiku lomwe mudzakhale pa mpando, osati lomaliza la tchuthi, chifukwa "mpaka pa 1" wina amva kuti pa 1 mulipo, wina amva kuti pa 2.

Nayi mmene ndingalembere wa akunja:

> Zikomo polemba. Sindili mu ofesi, ndidzayambanso ntchito Lolemba pa 1 Disembala 2025. Imelo ino sikuwerengedwa pa nthawi imeneyi.
>
> Mainvoisi, makotesheni ndi mafunso onse a malipiro, chonde tumizaninso ku accounts@example.org. Akuthandizani ndi a Tadala a ku akaunti. Ngati simunayankhidwe pakatha masiku awiri a ntchito, imbani pa foni ya ofesi mufunse mkulu wa zachuma.
>
> Yankho lino simulilandira nthawi zonse mukandilembera, choncho sungani adiresi ili pamwambayi.

Mzere womalizawo ndauika chifukwa cha zomwe atiphunzitsa Bambo Mbewe. Nambala ya ofesi muikepo nokha. Mawu oti "tumizaninso" ndi ofunika, musawasinthe kukhala "mungathe kulankhula ndi". Munthu auzidwe chochita.

Masiku awiriwo musalembe musanagwirizane ndi Tadala ndi mkulu wanuyo. Mukuwalonjezera ntchito anthu ena, ayenera kuvomera. Ndinaonapo mtsikana akudziwira kwa makasitomala kuti dzina lake laikidwa pa yankho la bwana wake.

Bambo Mbewe:
Uthengawu ndi wabwino amayi. Pali kamodzi koti tisamale. Ngati Nachisale asankha kufowada zonse, mzere woti "tumizaninso" uchoke, alembe kuti imelo yanu yapita kale ku akaunti. Apo ayi invoisi imodzi ifika kawiri, ina yofowadidwa ina yotumizidwanso, ndipo pa ofesi yotanganidwa ikhoza kulipiridwa kawiri. Uthenga uzinena zomwe zikuchitikadi kuseri. Akasankha Rules za masapulaya, ena adzafikabe kawiri, ndiye Tadala aziyang'ana nambala ya invoisi asanalowetse.

Mwachitanso bwino kusatchula dzina la mkulu wa zachuma. Akuba a pa imelo amakonda mayankho amenewa. Amatumiza uthenga wachabe, yankho likawabwerera adziwa kuti wa malipiro kulibe mpaka Disembala, wogwirizira ndi uje, bwana ndi uje. Kenako amalembera wogwirizirayo ngati ndi sapulaya: tasintha banki, ndalama ya mwezi uno muike ku akaunti iyi, tinagwirizana kale ndi Nachisale asanachoke. Tadala sawadziwa masapulaya mmene mumawadziwira inu, ndipo sangakufunseni. Ndiye pa pepala lomusiyira ntchito mulembe ndi zilembo zazikulu kuti akaunti ya banki ya sapulaya sisinthidwa chifukwa cha imelo, aimbe kaye pa nambala yomwe ili kale mu fayilo, osati yomwe ili mu imeloyo.

Pa tsamba la Outside My Organization pali zosankha ziwiri, My Contacts only ndi Anyone outside my organization. Yoyambayo imatseka akuba, koma Contacts ndi okhawo amene munawasunga nokha m'buku la maadiresi, osati onse amene maadiresi awo amatulukira mukamalemba. Anthu ambiri bukulo lili pafupifupi lopanda kanthu. Kwa inu ndingasankhe Anyone, uthenga ukhale wosaulula zambiri monga wa amayi Anaphiriwu.

Tsamba la Inside My Organization ndi lapadera, lili ndi uthenga wake. Mmenemo mungatchule mayina momasuka: za alawansi kwa uje, za PAYE ndi msonkho wodula kwa masapulaya zomwe zimayenera kufika ku MRA pofika pa 14 kwa uje, ndi masiku omwe Tadala kulibe.

Nachisale:
Ndayesa madzulo ano. Ndayatsa, ndadzilembera kuchokera pa Gmail yanga, yankho labwera. Ndalembanso, silinabwere. Ndinayamba kuganiza kuti ndawononga, kenako ndakumbukira za kamodzi zija. Ndazimitsa, ndayatsanso, labwera. Ndaziona ndi maso anga tsopano.

Funso lina. Pa "Only send during this time range" ndiike madeti kapena ndisiye? Azamba akuti mwina sindifika pa 29.

Bambo Mbewe:
Ine ndimati musaike. Zifukwa ziwiri, ndipo chimodzi mwachinena nokha. Mwana akhoza kubwera msanga. Lembani mauthenga onse awiri lero, dinani OK, kenako zimitsani. Mawuwo amasungika. Tsiku lomwe simudzafika ku ntchito, wa makompyuta angoyatsa ndi mzere wa Enabled uja, kapena inu nomwe pa foni. Chachiwiri ndi kumapeto. Tchuthi chotere chimatalika kawirikawiri, wina amawonjezera masiku ake a pachaka, wina dokotala amamuuza kuti apumebe. Mukaika tsiku lothera, yankho lidzazima lokha pa 1 Disembala inu mudakali kunyumba, ndipo Rules zofowada zija zidzazima nalo limodzi. Palibe amene adzadziwe. Likakhala loyaka mpaka mutalizimitsa nokha, choipa chomwe chingachitike ndi choti tsiku lolembedwamo lapitirira, koma anthu akulozeredwabe koyenera.

Muwafunsenso a makompyuta anu zinthu ziwiri. Maofesi ena amatseka akaunti yomwe sinatsegulidwe masiku 90, ndipo kuchokera pa 1 Seputembala kufika pa 1 Disembala ndi masiku 91. Kutseka kolowera kokha sikuletsa maimelo kufika, koma ndi bwino adziwiretu kuti simunasiye ntchito. Choopsa ndi laisensi. Abwana ena amati poti uyu kulibe, laisensi yake tipatse wogwirizira kapena wophunzira ntchito. Akaichotsa, bokosi limasiya kugwira ntchito, ndipo pakatha masiku 30 zomwe zili mkati zimafufutika. Auzeni molemba kuti laisensi yanu isakhudzidwe.

Anaphiri a ku Zomba:
Apa pokha Bambo Mbewe sindikuvomerezani. Anthu amaiwala kuzimitsa. Bwana wanga wina anatha masabata atatu ali mu ofesi yankho likunenabe kuti ali kunja, mpaka wa ku unduna anamufunsa pa msonkhano. Mayi wobwera kuchokera ku tchuthi chotere mutu uli pa mwana amene wamusiya kunyumba. Ine ndingaike tsiku lothera, koma la sabata imodzi kutsogolo, pa 8 Disembala. Akabwera pa 1 azimitsa yekha, akaiwala lizima lokha, akachedwa pali sabata yoti wina asunthe.

Bambo Mbewe:
Outlook imaonetsa mzere wachikasu pamwamba wonena kuti mayankho akutumizidwa, ndi batani la Turn off pomwepo, ndiye kuiwala n'kovutirapo. Koma amene amawerengera maimelo pa foni pokha akhoza osauona, pamenepo mukunena zoona. Vuto la njira yanu ndi loti wa makompyuta akamazimitsa ndi kuyatsa mwezi ndi mwezi ayenera kulemba Scheduled m'malo mwa Enabled, apo ayi tsiku lothera lija siligwiranso ntchito. Zonse n'zotheka, bola Nachisale ndi wa makompyutayo amvane chimodzi.

Nachisale:
Ndakumana ndi mkulu wa zachuma ndi mnyamata wa makompyuta m'mawa uno. Bokosi la akaunti alipanga kale, Tadala ndi mkuluyo akuliona. Masapulaya makumi awiri ndi atatu ndawalembera, asanu ndi awiri akuluakulu ndawaimbira. Uthenga wa akunja ndatenga wa amayi Anaphiri, ndangowonjezera nambala ya ofesi ndi Chingerezi pansi. Masiku awiri aja Tadala wapempha kuti akhale atatu chifukwa cha kumapeto kwa mwezi, ndasintha. Tsiku lothera sindinaike, koma ndalemba pa kalendala ya Tadala kuti pa 1 Disembala andikumbutse kuzimitsa, kapena asinthitse deti ngati sindinabwere. Laisensi alonjeza molemba kuti saikhudza.

Pomwe sitinamvane ndi pa kufowada. Mkulu wa zachuma akufuna zonse zizipita ku bokosi la akaunti, akuti sakufuna kumva za invoisi yotayika. Ine ndaika Rules za masapulaya makumi awiri ndi atatu aja, ndipo ndamuuza kuti zonse ayi. Mnyamata wa makompyuta wapereka ganizo lina, loti Lachisanu lililonse aziyendetsa message trace, yomwe akuti imaonetsa amene watumiza ndi mutu wa imelo osaonetsa zamkati, n'kumuuza Tadala ngati pali chooneka ngati invoisi. Amayi Nyirenda, kodi zimenezo kwa inu zili bwino, kapena mitu ya maimelo nayonso ndi yosayenera kuonedwa? Mkuluyo wati tikambiranenso Lachinayi.